Mzere Umodzi Wokha Wabodza: Tebulo la Choonadi ndi Liwu Lakuti "Ngati"

Amene muli pafupi ndi pepala ndi cholembera, zitengeni, chifukwa nkhani ya lero imalowa bwino dzanja likamalemba zimene khutu likumva. Tikamba za liwu laling'ono limene timalitchula kuyambira m'mawa mpaka kugona, liwu lakuti "ngati", limene nthawi zambiri timalibisa m'kati mwa mneni, monga tikamati "ukabwera" kapena "ikagwa". Mfundo yanga ndi imodzi ndipo ndikhala nayo mpaka nthawi yathu ithe. Chiganizo chakuti "ngati P, ndiye kuti Q" chimaletsa chinthu chimodzi chokha, ndipo munthu amene wachigwira chinthu chimodzicho angathe kudziwa yekha, popanda kuloweza malamulo, ziganizo zimene zikufananadi nacho ndi zimene zangovala nkhope yake.

Tiyambe ndi zida zathu. M'phunziro la lojiki, chiganizo ndi mawu amene angakhale oona kapena abodza, osati zonse ziwiri nthawi imodzi. "Zomba ili m'Malawi" ndi chiganizo choona. "Nambala 7 imagawika ndi 2" ndi chiganizo chabodza. Funso ndi lamulo sizilowa m'gululi, pakuti munthu akakuuzani kuti "tsekani chitseko" simungamuyankhe kuti wanama. Pofuna kufupikitsa, chiganizo chimodzi timachitcha P, china Q. Tsopano pa pepala lanu jambulani madanga awiri otsika, lina la P, lina la Q, ndipo tigwiritse ntchito Z kuimira zoona, B kuimira bodza. Ziganizo ziwiri zingakumane m'njira zinayi zokha. Mzere woyamba lembani Z, Z. Wachiwiri Z, B. Wachitatu B, Z. Wachinayi B, B. Musasinthe ndondomeko imeneyi lero, chifukwa ndikamati "mzere wachitatu" ndidzakhala ndikunena pamene P ndi bodza koma Q ndi zoona. Limeneli ndilo tebulo la choonadi. Linafala kuyambira mu 1921, pamene Emil Post ku Amereka ndi Ludwig Wittgenstein wa ku Austria, aliyense payekha, analigwiritsa ntchito m'zolemba zawo. Mphamvu yake ndi yakuti silisiya mpata. Palibe njira yachisanu yobisala kwina, choncho chimene chatsimikizika m'mizere inayiyi chatsimikizika kotheratu.

Onjezerani danga lachitatu ndipo pamwamba pake lembani P, kenako muvi woloza kumanja, kenako Q, motere: P → Q. Mabuku amachitcha impulikeshoni, ife tizingoti muvi wa mutu umodzi. Taganizani za bambo amene akuuza mwana wake kuti, "Ukakhoza mayeso a Fomu 4, ndikugulira njinga." P ndi kukhoza, Q ndi kugula njinga. Funso loti tizifunsa pa mzere uliwonse ndi ili: kodi bamboyu wanama? Mwana wakhoza, njinga yagulidwa: sananame, lembani Z. Mwana wakhoza, njinga osaoneka: apa wanama poyera, lembani B. Mwana walephera, koma bambo wamumvera chisoni n'kumugulirabe njinga: palibe amene angamutengere ku bwalo kuti waswa lonjezo, lembani Z. Mwana walephera, njinga palibe: apanso palibe mlandu, lembani Z. Danga lanu likuwerengeka motsika kuti Z, B, Z, Z. Bodza lili pa mzere wachiwiri pokha, pamene choyamba chachitika koma chachiwiri chakanika. Chimenecho ndicho chinthu chimodzi chimene muvi umaletsa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwinya kale nkhope pa mizere iwiri yomalizayo, ndipo kukwinyako kuli ndi maziko. Mukuti: mwana akalephera, lonjezo silinayesedwe n'komwe, nanga tilitcha bwanji loona? Bwanji osangosiya malowo opanda kanthu? Yankho loyamba likuchokera ku manambala. Tonse tikuvomereza kuti chiganizo ichi ndi choona pa nambala iliyonse yathunthu: ngati nambala imagawika ndi 4, ndiye kuti imagawika ndi 2. Tikamati "iliyonse" tikutanthauza kuti chiganizocho chiyenera kukhala choona pa 8, pa 6, ndi pa 7 pomwe. Pa 8 mbali zonse ziwiri ndi zoona, umenewo ndi mzere woyamba. Koma 6 sagawika ndi 4 pomwe amagawika ndi 2, ndiye kuti watiika pa mzere wachitatu. Nayenso 7 sagawika ndi 4 kapena ndi 2, watiika pa mzere wachinayi. Tikakana kulemba Z pa mizere imeneyi, ndiye kuti tikunena kuti 6 ndi 7 akugwetsa kapena kulemaza lamulo limene aliyense akuona kuti ndi lolimba. Nambala yokhayo imene ingagwetse lamuloli ndi yogawika ndi 4 koma yosagawika ndi 2, ndipo nambala yotero kulibe.

Yankho lachiwiri ndi lolimba koposa, chifukwa likuonetsa kuti tilibe kwina kothawira. Tagwirizana pa mizere iwiri yoyamba, Z ndi B. Mizere iwiri yotsalayo ingadzazidwe m'njira zinayi, ndiye tiyeni tiziyese zonse. Tikalemba B pa yonse iwiri, danga likhala Z, B, B, B, ndipo limeneli ndi danga la "P ndiponso Q", ngati kuti bambo uja ananena kuti mwana akhoza ndithu ndipo njinga igulidwa ndithu, zimene sananene. Tikalemba Z pa wachitatu ndi B pa wachinayi, danga likhala Z, B, Z, B, lofanana ndendende ndi danga la Q, kutanthauza kuti P alibenso ntchito, njinga ibwera kaya mwana akhoze kaya alephere. Tikalemba B pa wachitatu ndi Z pa wachinayi, tipeza Z, B, B, Z, ndipo apa chiganizo chathu chayamba kunena zinthu ziwiri, kuti akakhoza apeza njinga komanso akalephera saipeza zivute zitani. Chimenechi ndi chiganizo china, tichipeza posachedwa, koma 6 uja akuchikana. Yatsala njira imodzi, Z ndi Z. Choncho danga la muvi silinasankhidwe mwa chifuniro cha wolemba mabuku. Ngati chiganizo chilichonse chiyenera kukhala choona kapena chabodza, ndipo "ngati" akufunika kukhala ndi ntchito yakeyake, danga lake ndi limeneli basi.

Tsopano tafika pa kufanana. Ziganizo ziwiri timati n'zofanana m'lojiki pamene madanga ake omaliza ali ndi zilembo zomwezomwezo pa mzere uliwonse. Sitiyang'ana kamvekedwe ka mawu kapena kutalika kwake, timayang'ana danga. Pofuna kutsimikiza kufanana muyenera kuyenda mizere yonse, koma pofuna kukutsutsa mzere umodzi wosiyana ndi wokwanira. Tiyese ndi chiganizo chakuti "si P, kapena Q", chimene amachilemba ¬P ∨ Q. Apa "kapena" akutanthauza kuti chimodzi mwa ziwirizo n'choona, ngakhale zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Chiganizo cha "kapena" chimagwa pokhapokha mbali zonse ziwiri zikakhala zabodza. "Si P" amakhala bodza pamene P ndi zoona, ndiye chiganizo chonse chigwa pamene P ndi zoona ndipo Q ndi bodza, mzere wachiwiri womwe uja. Danga lake ndi Z, B, Z, Z. Chikufanana ndi muvi. Ndipo izi sizachilendo m'kamwa mwathu. Mayi akamauza mwana kuti "usaseweretse mpeni, kapena udzicheka", akunena zomwezo ndi kuti "ukaseweretsa mpeni, udzicheka".

Muvi uli ndi abale atatu, ndipo chisokonezo chambiri chimabadwira pakati pawo. Titenge chiganizo chosakayikitsa: ngati munthu ali ku Zomba, ndiye kuti ali m'Malawi. M'bale woyamba timamupeza potembenuza mbali ziwirizo: ngati ali m'Malawi, ndiye kuti ali ku Zomba, Q → P. Ameneyu ndi konivesi. Amagwa pamene Q ndi zoona koma P ndi bodza, ndiye kuti pa mzere wachitatu, ndipo danga lake ndi Z, Z, B, Z. Munthu wokhala ku Mzuzu ndi umboni wokwanira. M'bale wachiwiri timamupeza pokana mbali zonse ziwiri osazitembenuza: ngati sali ku Zomba, ndiye kuti sali m'Malawi, ¬P → ¬Q. Ameneyu amagwa pamene P ndi bodza koma Q ndi zoona, mzere wachitatu womwewo, ndipo wa ku Mzuzu yemweyo akumugwetsanso. Abale awiriwa akufanana okhaokha, koma onse akusiyana ndi chiganizo chimene tinayamba nacho. M'bale wachitatu timamupeza pochita zonse ziwiri, kukana ndi kutembenuza: ngati munthu sali m'Malawi, ndiye kuti sali ku Zomba, ¬Q → ¬P. Ameneyu ndi kontirapozitivi. Kuti agwe pafunika kuti "si Q" akhale zoona ndipo "si P" akhale bodza, kutanthauza Q bodza, P zoona. Tabwereranso pa mzere wachiwiri. Danga lake ndi Z, B, Z, Z, ndipo ndiye yekha mwa atatuwa amene ali chimodzimodzi ndi muvi woyamba. Taonani kuti sitinaloweze kanthu. Pa chiganizo chilichonse tangofunsa kuti chikuletsa mzere uti.

Wina anganene kuti zimenezi n'zodziwikiratu, palibe munthu wanzeru zake angasokoneze Zomba ndi Malawi yense. Pa Zomba zoonadi sangasokoneze, chifukwa amadziwa kale mapu. Koma chotsani mapuwo muone. M'chaka cha 1966 katswiri wa za maganizo wa ku Mangalande, Peter Wason, anafalitsa kayeso kamene katchuka mpaka lero. Pathebulo pali makhadi anayi, lililonse lili ndi chilembo mbali imodzi ndi nambala mbali inayo. Tinene kuti mukuona E, K, 4 ndi 7. Lamulo likuti: ngati khadi lili ndi lembo la liwu mbali imodzi, ndiye kuti mbali inayo lili ndi nambala yogawika ndi 2. Funso ndi lakuti, ndi makhadi ati amene muyenera kuwatembenuza kuti mudziwe ngati lamulolo lasungidwa? Ganizani kaye musanamve yankho. Anthu ambiri amasankha E yekha, kapena E ndi 4. Yankho lolondola ndi E ndi 7, ndipo pa mayeso otere olipeza amakhala pafupifupi mmodzi mwa khumi, nthawi zina osafika n'komwe. Tebulo likutiuza chifukwa chake. Tikusaka mzere wachiwiri, lembo la liwu lokhala ndi nambala yosagawika ndi 2. Kuseri kwa E kungakhale nambala yotero, choncho tilitembenuze. Kuseri kwa 7 kungakhale lembo la liwu, choncho nalonso tilitembenuze, ndipo ameneyu ndi kontirapozitivi akugwira ntchito. Koma kuseri kwa 4 kukhale chilichonse, lamulo silisweka, pakuti silinanene kuti nambala zogawika ndi 2 n'za malembo a liwu okha. Wotembenuza 4 akuyesa konivesi, chiganizo chimene palibe anachinena.

Chochititsa chidwi n'chakuti mu 1982 Richard Griggs ndi James Cox, ku Amereka, anapereka funso lomweli atalivala zovala zina. Lamulo linali lakuti womwa mowa akhale wopitirira msinkhu wololedwa, ndipo makhadi anaimira womwa mowa, womwa chakumwa chosaledzeretsa, wamkulu, ndi wa zaka 16. Apa ambiri anayankha molondola: fufuzani womwa mowa, fufuzaninso wachichepereyo, ena awiriwo asiyeni. Mafupa a mafunso awiriwa ndi amodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'funso lachiwiri aliyense amadziwa kale maonekedwe a munthu woswa lamulo. Ine ndikuona kuti umenewu ndi umboni wa mfundo yathu. Nzeru ya kontirapozitivi tili nayo kale, koma imadzuka pokhapokha tikaona bwino mzere woletsedwa, ndipo ntchito ya tebulo ndi kutionetsa mzerewo ngakhale pa nkhani imene sitinaizolowere.

Tibwerere ku danga lija tinalisiya panjira, la Z, B, B, Z. Limeneli ndi la muvi wa mitu iwiri, P ↔ Q, umene mabuku amautcha bayikondishonale. Timauwerenga kuti "P ngati Q, komanso pokhapokha ngati Q". Ndi woona pamene P ndi Q akugwirizana, onse zoona kapena onse bodza, ndipo ndi wabodza pamene akusemphana. Umaletsa mizere iwiri, wachiwiri ndi wachitatu. Tsopano ikani pambali pake madanga a P → Q ndi Q → P, muwalumikize ndi "ndiponso", amene amafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale zoona. Mzere woyamba Z ndi Z, zipereka Z. Wachiwiri B ndi Z, zipereka B. Wachitatu Z ndi B, zipereka B. Wachinayi Z ndi Z, zipereka Z. Mwapeza Z, B, B, Z. Ndiye kuti P ↔ Q akufanana ndi (P → Q) ∧ (Q → P). Muvi wa mitu iwiri ndi malonjezo awiri omangidwa mtolo umodzi, ndipo aliyense mwa awiriwo akuletsa mzere wake. Apa mpofunika kusamala ndi liwu lakuti "pokhapokha". Tikati "ulowa m'chipinda cha mayeso pokhapokha ngati uli ndi chiphaso", sitinalonjeze kuti aliyense wa chiphaso alowa, pakuti wofika mochedwa angabwezedwe chiphaso chili m'manja. Tangoletsa kulowa wopanda chiphaso. Choncho "P pokhapokha ngati Q" ndi P → Q, pomwe "P ngati Q" ndi Q → P, ndipo mitu iwiri imakwana tikanena zonse ziwiri.

Pano pakubwera chitsutso chachiwiri, ndipo n'chanzeru. Mukuti: polankhula tsiku ndi tsiku, "ngati" wathu amakhala wa mitu iwiri. Mwini munda akauza waganyu kuti "mukamaliza ndime iyi ndikupatsani ndalama zanu", onse awiri akudziwa kuti ndime ikapanda kutha ndalama sizituluka. Nanga lojiki ikutiuziranji kuti mawuwo sakunena zimenezo? N'zoona kuti onse awiri akumva choncho. Koma tifunse kumene mutu wachiwiriwo ukuchokera. Sukuchokera mu "muka-", ukuchokera m'chizolowezi cha ganyu, chimene aliyense amachidziwa, chakuti malipiro amatsata ntchito. Umboni wake ndi wakuti mwini munda angathe kuwonjezera kuti "ngakhale musamalize, ndikupatsanibe kangachepe" popanda kudzitsutsa. Mutu wachiwiri ukanakhala m'mawu enieniwo, kuwonjezera kotero kukanamveka ngati kunena ndi kukana nthawi imodzi. Ndipo "ngati" yemweyo m'chiganizo cha Zomba palibe amene amamumva ngati wa mitu iwiri. Pocheza, zochitika zotizungulira zimatithandiza kudziwa mitu imene wolankhula akutanthauza. M'masamu, m'malamulo olembedwa ndi m'mapulogalamu a kompyuta mulibe chotithandiza chotero, choncho mutu uliwonse uyenera kulembedwa ndi kutsimikizidwa pawokha.

Tione mmene zimenezi zimagwirira ntchito pa nkhani yeniyeni ya masamu. Tikufuna kutsimikiza kuti nambala yathunthu n imagawika ndi 2 ngati, komanso pokhapokha ngati, n kuchulukitsa ndi n, imene timalemba n², imagawika ndi 2. Popeza ndi muvi wa mitu iwiri, tili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yofewa. Ngati n imagawika ndi 2, tingailembe kuti 2k, ndipo n² ikhala 4k², imene ndi 2 kuchulukitsa ndi 2k², choncho imagawika ndi 2. Ntchito yachiwiri ndiyo imalimba: tapatsidwa kuti n² imagawika ndi 2, tionetse kuti n nayo imatero. Kuyambira pa n² kubwerera kwa n ndi njira yoterera. Koma tebulo latiuza kuti muvi ndi kontirapozitivi wake ndi chinthu chimodzi, ndiye titsimikize ameneyo m'malo mwake: ngati n sigawika ndi 2, n² nayo sigawika ndi 2. Nambala yosagawika ndi 2 timailemba 2k + 1. Tikaichulukitsa ndi iyo yomwe tipeza 4k² + 4k + 1. Zigawo ziwiri zoyambazo zimagawika ndi 2, ndipo 1 akutsala. Choncho n² sigawika ndi 2, ndipo ntchito yatha. Kufanana kwa madanga awiri kwatilola kusiya khomo lokiyidwa n'kulowera lotsegula, koma m'nyumba yomweyo.

Tsopano sinthani 2 muike 4, muone kumene ophunzira ambiri amagwera. Kodi n imagawika ndi 4 ngati, komanso pokhapokha ngati, n² imagawika ndi 4? Mutu woyamba ukuyenda bwino, pakuti n ikakhala 4k, n² ndi 16k². Wothamanga amaima pomwepo n'kunena kuti watsimikiza zonse. Koma yesani 6. Kuchulukitsa 6 ndi 6 kupereka 36, amene amagawika ndi 4 kasanu ndi kanayi, pomwe 6 mwiniwake sagawika ndi 4. P ndi bodza, Q ndi zoona, mzere wachitatu. Muvi wa mutu umodzi umalola mzere umenewu, wa mitu iwiri umaukana. Chizindikiro cha umboni wopunduka wa mtundu uwu n'chosavuta kuchiona: mawu akuti "pokhapokha" ali pamwamba, koma m'munsi mwayenda ulendo umodzi wokha, wopita popanda wobwerera.

Cholakwika china chofala chili pa kukana muvi. Munthu akafunsidwa kuti atsutse chiganizo chakuti "ngati P, ndiye kuti Q", kawirikawiri amayankha kuti "ngati P, ndiye kuti si Q". Tiwerenge. Kukana kumatembenuza chilembo chilichonse, choncho Z, B, Z, Z asanduka B, Z, B, B. Koma P → ¬Q ndi muvi, ndipo muvi wa pakati pa P ndi "si Q" umagwa pa mzere umodzi wokha, woyamba, ndiye danga lake ndi B, Z, Z, Z. Madanga awiriwa akusiyana pa mzere wachitatu ndi wachinayi. Chiganizo chimene chili ndi B, Z, B, B ndi "P ndiponso si Q", P ∧ ¬Q. Kukana muvi sikubala muvi wina. Wonena kuti bambo uja wanama akunena zinthu ziwiri zochitikadi, kuti mwana wakhoza ndipo njinga sinagulidwe. Muvi wa mitu iwiri ndiwo uli ndi khalidwe lina, pakuti kuukana kumapereka B, Z, Z, B, lomwenso ndi danga la P ↔ ¬Q. Mwina n'chifukwa chake anthu amasokonezeka: njira yoika "si" mbali imodzi imagwira pa mitu iwiri, koma pa mutu umodzi imalephera.

Chitsutso chachitatu ndicho cholemera kuposa zonse, ndipo sindichikankhira pambali. Malinga ndi tebulo, chiganizo chakuti "ngati 2 kuphatikiza 2 ndi 5, ndiye kuti phiri la Mulanje lili ku Karonga" ndi choona, chifukwa choti mbali yoyamba ndi bodza. Khutu likukana, pakuti palibe ulusi wolumikiza masamuwo ndi phirilo. Mkangano umenewu ndi wakalekale. Ku Girisi, cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, Philo ankaphunzitsa kuti chiganizo cha "ngati" ndi chabodza pokhapokha chikayamba ndi choona n'kuthera pa bodza, zomwe ndi danga lathu lija ndendende. Mphunzitsi wake, Diodorus Cronus, ankafuna zoposa apo, kuti kuyamba ndi choona n'kuthera pa bodza kukhale kosatheka pa nthawi ina iliyonse. Mu 1918 C. I. Lewis wa ku Amereka, posakhutira ndi muvi wa tebulo, anafotokoza muvi wina wokhwimirapo umene umafuna kuti Q atsate P mosalephereka. Anthu amenewa sanali kulakwitsa. Tebulo limaona zilembo Z ndi B zokha, siliona chifukwa, nthawi, kapena mgwirizano wa nkhani. Malire ake amaonekera bwino pa ziganizo za "-kana-". Tikati "mvula ikanagwa, chimanga chikanabereka", tavomereza kale kuti mvula sinagwe. Tebulo lingatche chiganizochi choona, koma lingatchenso choona chakuti "mvula ikanagwa, chimanga chikanauma", pakuti zonse ziwiri zikuyamba ndi bodza. Mlimi aliyense amadziwa kuti ziwirizi sizili pa mlingo umodzi. Apa tebulo si chida choyenera, ndipo ndi bwino kunena choncho poyera.

Komabe chitsutsochi sichigwetsa zimene tamanga. Tanthauzo lililonse la "ngati", la Philo, la Diodorus kapena la Lewis, limagwirizana pa chinthu chimodzi: P akakhala zoona ndipo Q bodza, chiganizo chagwa. Muvi wa tebulo watenga chokhacho chimene onse amavomereza, osawonjezerapo kanthu, ndipo m'masamu chimenecho n'chokwanira, chifukwa ulusi wolumikiza P ndi Q umaperekedwa ndi umboni, monga tinachitira ndi 2k + 1, osati ndi muvi. Chiganizo cha Mulanje chikumveka chachilendo chifukwa palibe angakhale ndi chifukwa chochinenera, koma kupanda ntchito ndi kunama ndi milandu iwiri yosiyana.

Titsirize ndi ziganizo zitatu, P, Q ndi R, pamene mizere imakhala 8, pakuti chiganizo chilichonse chowonjezera chimawirikiza mizere kawiri. Ziganizo 10 zifuna mizere 1,024, ndipo 20 zifuna 1,048,576, choncho tebulo lathunthu silipita nafe kutali ndi cholembera. Apa m'pamene kusaka mzere woletsedwa kumapulumutsa nthawi. Tiyerekeze P → (Q → R) ndi (P ∧ Q) → R. Choyamba chigwa pamene P ndi zoona ndipo muvi wam'katiwo wagwa, kutanthauza Q zoona, R bodza. Chachiwiri chigwa pamene P ndi Q onse ndi zoona koma R ndi bodza. Ndi mzere umodzi womwewo, Z, Z, B, choncho n'zofanana, ndipo sitinalembe mizere 8. "Ukakhoza, ndiye ndalama zikapezeka ndikugulira njinga" ndi chimodzimodzi ndi "ukakhoza ndipo ndalama zikapezeka, ndikugulira njinga". Koma sunthani mabulaketi mulembe (P → Q) → R. Ichi chigwa paliponse pamene R ndi bodza ndipo P → Q ndi zoona, ndipo tikudziwa kuti P → Q ndi zoona pa mizere itatu. Chikuletsa mizere itatu pomwe chinzake chikuletsa umodzi. Tengani mzere umene P, Q ndi R onse ndi bodza. Mu P → (Q → R), P ndi bodza, choncho chiganizo chonse ndi Z. Mu (P → Q) → R, muvi wam'mabulaketi ndi Z, R ndi B, choncho chiganizo chonse ndi B. Zilembo ndi zomwezo, mivi ndi yomweyo, ndondomeko ndi yomweyo, koma pa mzere umenewu chimodzi ndi choona, china ndi chabodza. Mzere winanso wosiyana ndi umene P ndi bodza, Q ndi zoona, R ndi bodza. Ulembeni pa pepala lanu, muwerengere mbali zonse ziwiri, ndipo mupezanso Z mbali imodzi ndi B mbali inayo.